Dzanja la Mayi Mlembi

Pakoleji pathu pali kachipinda kumapeto kwa khonde, pafupi ndi mosungira mipando yothyoka. Muli tebulo limodzi, mipando itatu ndi wotchi yapakhoma. Mmenemo ndi mmene amalembera mayeso ophunzira osaona kapena ovulala manja. Wophunzira amalankhula, Mayi Mlembi amalemba, ine ndimakhala pakona kuyang'anira.

Mayiwa anali wotayipa makalata mu ofesi, makompyuta asanawalande ntchito. Amuna awo anamwalira kalekale, mwana wawo mmodzi yekhayo anakwatiwa kutali ndipo amaimba foni akakumbuka. Masana amadyera mkachipindamo, chitseko chili chotsegula, koma odutsa amangodutsa. Ine ndemwe, ndisabise, ndinkawaona ngati gawo la tebulo.

Lamulo la ntchito yawo ndi lalifupi. Ulembe zimene wanena wophunzira, usawonjezere, usachotse, usakonze. Akapempha kuti umuwerengere funso kapena zimene wanena, muwerengere. Kupitirira apo, pakamwa tseke. Kwa zaka khumi ndi zinayi amva mayankho a anthu ambirimbiri, moti maphunziro ena amawadziwa kuposa eni ake. A filosofi ndiye anawakonda, mpaka kubwereka mabuku kulaibulale kukawerenga okha kunyumba.

Kenako kunabwera a Dalaivala. Anayendetsa basi zaka makumi awiri, matenda a shuga nkuwalanda maso. Anabwerera kusukulu ali ndi imvi, akufuna satifiketi ya uphungu. Anali munthu wa nthabwala. Tsiku loyamba anagogoda tebulo ndi ndodo yawo yoyera.

"Mayi, ine ndiziyendetsa, inu ndinu kondakitala. Musandidumphitse siteji."

Mayi Mlembi anaseka. Ndinali ndisanawamvepo akuseka, ndinachita kutembenuka. Kuyambira pamenepo a Dalaivala ankabwera masana aliwonse kudzadya nawo, nkumakangana za mabuku. Mayiwa anayamba kubweretsa makapu awiri.

Mayeso a chiphunzitso cha makhalidwe anali Lachinayi mmawa. A Dalaivala anali atalephera kale kamodzi. Akalepheranso, satifiketi idikire chaka china.

Mayi Mlembi anawerenga funso pang'onopang'ono. Bambo wina ali pafupi kufa. Akufunsa mlongo wake ngati mwana wake, yemwe anayambana naye, wamukhululukira. Mwanayo anauza azakhali akewo kuti sadzakhululuka. Kodi mlongoyo aname? Yerekezerani yankho la mfundo ya zotsatira ndi la mfundo ya udindo.

A Dalaivala anayamba bwino, mpaka ndinawasirira.

"Lembani, mayi. Mfundo ya zotsatira imati chabwino ndi chimene chibweretsa ubwino wochuluka ndi kuchepetsa ululu, powerengera onse okhudzidwa, aliyense mofanana. Mlongo akanama, wodwala afa ndi mtendere. Mwana sakudziwa, ndiye sapwetekeka. Mlongo mtima umuluma pang'ono. Akanena zoona, wodwala afa akulira, ndipo palibe wopindula. Tiwerengerenso ngozi yoti bodza lingaululike, koma ndi yaing'ono. Tikaika pasikelo, bodza likulemera. Mfundo imeneyi ikuti aname."

Cholembera chinkathamanga. Kenako anafika pa udindo.

"Mfundo ya udindo imati tidzifunse, bwanji aliyense atachita zomwezi? Aliyense akamanama, anthu azivutika, mabanja atha, dziko lisokonekera. Mavuto achuluka kuposa ubwino. Choncho asaname."

Apa cholembera chinaima kaye, kenako nkupitiriza. Ine filosofi ndimangoimvera pakhomo, koma nkhope ya mayiwa ndinaiwerenga. Zimene zinalakwika anadzandifotokozera okha patapita miyezi. A Dalaivala anali atabwereranso kusikelo, nkuipatsa dzina la udindo. Mfundo ya udindo siiwerenga kuchuluka kwa ovutika. Imatenga lamulo limene munthu akutsatira, loti ndinama nthawi zonse pamene choonadi chikupweteka, nkufunsa ngati lingakhale lamulo la anthu onse osadzigwetsa lokha. Silingathe. Aliyense atamatero, wodwala sangakhulupirire mawu otonthoza a munthu aliyense, ndiye bodzalo silingagwirenso ntchito. Chachiwiri, imati munthu usamugwiritse ntchito ngati chida chabe. Kumunamiza bamboyo ndi kumusankhira zoti aganize, mwina akanadziwa zoona akanatumiza mawu opepesa kwa mwana wake. Mlongo akhoza kukhala chete, kapena kunena zina zoona zofewa, koma asaname, ngakhale bodza litakoma chotani. Popanda zimenezi panalibe choyerekezera. Yankho lonse linali mfundo imodzi yolembedwa kawiri.

Kunatsala mphindi khumi ndi ziwiri. Foni yanga ya ntchito inalira, a ku ofesi akufunsa za mapepala. Ndinaima pakhomo, nsana kuloza mkati. Ndinamva a Dalaivala akupempha kuti awawerengere zonse. Mayi Mlembi anawerenga ndi mawu amodzimodzi, osakweza, osatsitsa.

"Mayi," anatero a Dalaivala chapansipansi, "zili bwino? Pali pamene ndaphonya?"

Mizere itatu yowonjezera ndi dzanja la mayiwa ikanakwana. Ngakhale kutsokomola pa chiganizo cholakwikacho kukanakwana, munthuyo anali wochenjera. Palibe akanadziwa, ine ndinali nditapereka nsana, ndipo ndikuvomera kuti ndinachedwa dala kutembenuka. Mumtima ndinkati, mayi inu, thandizani munthu, mwatsala ndi ndani kupatula ameneyu?

"Zimenezo sindingayankhe, bambo. Ndingathe kukuwerengeraninso."

"Werengani."

Anawerenganso, mofanana ndi poyamba. A Dalaivala anakanda mutu, nkuwonjezera chiganizo chomaliza choti iwo akugwirizana ndi bodza lachifundo. Nthawi inatha. Ndinatola pepala ndili ndi mkwiyo, sindinawayang'ane nkomwe mayiwa.

Zotsatira zinatuluka patatha milungu isanu. A Dalaivala anaperewera malikisi anayi. Mphunzitsi analemba kuti mbali ya udindo sinafotokozedwe, ndipo anawawerengera yekha ndemangayo mu ofesi yake.

Masana a tsiku limenelo ndinali mkachipinda muja ndikusanja mapepala. Ndodo inamveka pakhonde, nkuima pakhomo. A Dalaivala sanalowe.

"Mayi, munaona pamene ndinasochera?"

"Ndinaona, bambo."

"Nthawi yomweyo?"

"Nthawi yomweyo."

A Dalaivala anapukuta chogwirira cha ndodo ndi chala.

"Aphunzitsi andifotokozera, tsopano ndamva. Mukanandiuza, satifiketi ikanakhala yanu, ine ndikungoinyamula. Ndipo onse amene munawalemberapo akanakayikiridwa. Simunalakwe, mayi. Chaka chamawa ndikhoza, muona."

Nkhope ya Mayi Mlembi inawala, anayamba kukoka mpando.

"Ayi, musavutike," anatero a Dalaivala. "Ndapempha ku ofesi kuti andipatse mlembi wina. Mutu wavomera, koma mtima ukukana. Ndikamva mawu anu ndimakumbukira mmene munawerengera kawiri konse, mukudziwa. Sindingathe, mundikhululukire."

Ndodo inabwerera, ikugogoda khoma mpaka kumasitepe.

Chisoni chinandigwira, manyazinso, chifukwa milungu isanu yonseyo ndinali ndisanawapatse moni. Mayi Mlembi anabweza mpando uja pansi pa tebulo bwinobwino, nkukhala. Patapita kanthawi anandifunsa osadzutsa mutu.

"Achimwene, mlembi watsopanoyo akudziwika kale kuti ndi ndani?"

"Sindikudziwa, mayi."

"Akabwera mumuuze kuti bambowa amalankhula mothamanga akafika pakati. Asachite manyazi kuwaimitsa. Iwo sakwiya."