Usiku Umene Magalasi Anakonza pa Seva

Pa sitolo yathu yogulitsa nsapato pa intaneti, ine ndine woyankha mafoni, ndiye kuti ndine wotukwanidwa. Woyandikana nane desiki anali Magalasi, mnyamata wolemba mapulogalamu yemwe anali pa miyezi yoyesedwa. Kale ankakonza mafoni pakhonde la golosale, ndipo khodi anaiphunzira yekha pa laputopu yomanga ndi selotepi. Ankapatsa moni ngakhale printala.

Tsiku lotsitsa mitengo, usiku, mafoni anayamba kulira. Munthu akasankha nsapato n'kudina polipira, tsamba linkangozungulira kenako n'kukana. Muofesi tinalimo awiri. Akuluakulu a mapulogalamu, omwe timawatcha a Bwana Khodi, foni yawo inali yozima.

Magalasi anawerenga mauthenga a zolakwika pa seva, kompyuta yoyendetsa tsamba lathu, mphuno pafupi ndi sikirini. Kenako anandikodola.

“Achemwali, taonani. Adiresi iyi ndi imene timatumizako malipiro. Pasowa chilembo chimodzi, ndiye tikugogoda pakhomo loti kulibe.”

“Walemba ndani?”

“A Bwana, masana,” anatero monong'ona.

Lamulo linali loti chosintha chilichonse chiziyamba chalowa m'nkhokwe ya khodi, a Bwana avomereze, kenako chipite pa seva. Koma ine makutu anali atatentha.

“Achimwene, mudikire kuche? Ikanipo chilembocho.”

Anaika pa seva pomwepo. Malipiro anayamba kulowa, mafoni anati zii. Magalasi anaseka, koyamba chimudziwireni, nati akawauza yekha a Bwana m'mawa, pamaso, poopa kuwachititsa manyazi pa gulu la ofesi.

Ulemuwo ndi umene unamudya. M'nkhokwe adiresi inali ikadali yolakwika. M'mamawa a Bwana, ali kunyumba, anatumiza zosintha zina kuchokera m'nkhokwemo, zinafafaniza zimene Magalasi anakonza, ndipo polipira panafanso anthu ali pikitipikiti kugula.

Eni sitolo anafunsa funso limodzi: walowa pa seva usiku ndani? Seva inaonetsa dzina limodzi.

“Ndinangokonza chilembo, bwana,” anatero Magalasi.

“Wakuloleza ndani?” anafunsa a Bwana Khodi, maso ali pa kiyibodi.

Ndinati ndine ndinamukakamiza. Anandiuza kuti ndibwerere ku mafoni anga. Zinandiwawa, ndipo mpaka lero zimandiwawa. A Bwana anabwezera chilembo chomwecho mwakachetechete, madzulo n'kuyamikiridwa kuti apulumutsa sitolo. Magalasi ntchito inamuthera pomwepo, anakulunga chaja yake n'kutsanzika aliyense ndi manja awiri.

Mwezi watha ndinamupeza pakhonde lija, akutsegula foni ya munthu ndi kasikuludiraiva. Laputopu ija anaika pansi pa mwendo wa tebulo kuti lisagwedere. Iye ndiye anayamba kulankhula.

“Achemwali, polipira pakuyenda bwino?”

Ndinati pakuyenda. Anagwedeza mutu n'kuweramiranso foni ija.