Zala zitatu zokha

Ndimakumbukirabe tsiku limene ndinaitanidwa ku sitolo ya mbewu ku Bangula, kumene dzulo lake ndinali nditayala chingwe cha netiweki cholumikiza makompyuta. Malole awiri anali panja, madalaivala akuliza hutala, koma chikalata chotulutsira matumba chinkangokakamira pakompyuta.

Mayi woyang'anira sitoloyo anandiyang'ana mokwiya. “Achimwene, mwatiikira chiyani?”

Thukuta lili kamukamu, ndinaimba mlandu fumbi ndi kutentha, mpaka ndinasolola pulagi ya chingwecho n'kuiyang'anitsitsa. Manyazi anandigwira. M'chingwemo mumakhala timawaya tisanu ndi titatu, topotana tiwiritiwiri, ndipo kupotanako n'kumene kumaletsa kuti uthenga wa tiwiri tina ulowerere mwa tinzake. Ine, pofuna kuti timawayato tilowe msanga m'pulagi, ndinali nditatipotolola utali wa zala zitatu. Pamenepo mauthenga ankasokonezana, makompyuta n'kumatumiza chinthu chimodzi mobwerezabwereza.

Ndinadula kunsonga kwa chingwecho, n'kupotolola pang'ono chabe, osafika utali wa chikhadabo, n'kumanga pulagi ina. Chikalata chinatuluka nthawi yomweyo.

“Linali fumbi?” anafunsa mayiwo.

“Ayi mayi,” ndinayankha. “Linali dzanja langali.”