Malikisi Khumi a Alamu

Mai a Mapasa anakhala akuchapa nsalu za pahotela kuyambira mapasawo akukwawa. Chipinda chochapiramo chili pansi, kuseri kwa khitchini, momwe makina amalira tsiku lonse ndipo nthunzi imanyowetsa khoma. Zimene alendo amasiya m'mashiti a pabedi sizinenedwa pagulu. Iwo ankangogwira mpweya, n'kunyamula ndi zala ziwiri, n'kuponya m'makina.

Atatopa nazo analembetsa kosi ya Loweruka ya kayendetsedwe ka hotela, kuti mwina akwere pamwamba, azikayang'anira zipinda. Tsoka lake, pakosi yomweyo panalinso mlamu wawo, mng'ono wa amuna awo, wogulitsa mowa pabala, amene anthu amamutcha Tayi chifukwa ngakhale kumaliro kukumba manda amapita atamanga tayi.

Kosi itatsala pang'ono kutha, zinthu zinali chonchi. Kuti munthu apate satifiketi ankafunika malikisi 60 pa 100. Pa ntchito zam'mbuyo za malikisi 40, Mai a Mapasa anali ndi 24. Kunatsala ziwiri: ntchito ya pagulu yokalankhula pamaso pa mabwana a mahotela, ya malikisi 10, ndi mayeso olemba a malikisi 50. Zonsezi sabata imodzi, ndipo nthawi yowerenga inali kamphindi kamadzulo ana akadya.

Anawerengera akupinda matawulo. Ankafuna 36 ena. Ngakhale gulu litakolola 10 yense, pamayeso pankafunikabe 26, pomwe pa oyeserera anapeza 20 basi. Ntchito ya pagulu, aphunzitsi ankapereka 5 kapena 6 ngakhale kwa oichita mwaulesi. Kuikometsera sabata yonse kukanawonjezera atatu kapena anayi. Sabata yomweyo ataithera pa mutu wa mitengo ya zipinda, umene unkawazunguza, akanakweza khumi. Nkhani inathera pomwepo.

Koma Tayi anali mtsogoleri wa gulu lawo. Anatulukira kunyumba nthawi ya chakudya, monga mwa chizolowezi chake, nadya mpaka kunyambita zala. Kenako anakhala pampando akutokosa mano ndi kamtengo ka machesi, n'kukaika konyowa choncho pabuku la mlamu wake.

"Alamu, zija za pagulu mutikonzere bwinobwino. Zithunzi, mawu, zonse. Ine ndikangolankhula."

"Gawo langa ndalemba kale, alamu. Tsamba ndi ilo."

"Tsamba limodzi? Kukubwera mabwana kumeneko!"

"Mabwanawo ndi a malikisi khumi. Enawa makumi asanu mwawerengera?"

Tayi anaseka, tinyenyeswa ta nyama tikuoneka m'kamwa. "Zolemba sindida nazo nkhawa ine. Munthu amaoneka akaima kutsogolo."

Amuna awo, amene ankamvera wailesi, analowererapo. "Muthandizeni mwanayu, mai. Ndi wathu yemwe."

Mwana wake uti, wa ndevu zake ndi akazi awiri osiyidwa? Mai a Mapasa anachotsa kamtengo kaja ndi pepala, natsegula buku. Sabata yonseyo foni inkalira, mauthenga a gulu akuti ena ndi odzikonda, ena saganizira anzawo. Iwo anaivundikira pansi pa pilo, n'kumalimbana ndi mitengo ya zipinda maso akuwawa ndi sopo wa kuntchito.

Tsiku lolankhula, Tayi anabwera atadzithira perefyumu wotsamwitsa. Anawerenga tsamba la mlamu wake ngati lake, akulakwitsa ndi manambala omwe. Litatha anayamba kubwebweta za momwe iye amakondera alendo. Pomaliza anauza mabwanawo, akumwetulira, kuti gulu likanachita bwino koma mamembala ena ndi azimayi otanganidwa ndi zapakhomo. Mai a Mapasa anayang'ana kolala ya shati yake, yakuda ndi thukuta pansi pa tayi wonyezimira, nalakalaka atalavula.

Gulu linapeza 6. Pa mayeso olemba iwo anapeza 31. Zonse pamodzi 61: anadutsa mopulumukira m'kamwa mwa mbuzi, koma anadutsa. Tayi analemba theka la pepala n'kutuluka akuimba mluzu. Anagwa.

Lamlungu lotsatira apongozi aakazi anafika osagogoda.

"Ndamva kuti mwamugwetsa mwana wanga."

"Amayi, mayeso aliyense amalemba ndi dzanja lake."

"Nzeru zodyera wekha si nzeru. Mabuku anuwo mum'patse, abwereze."

Amuna awo anayang'ana pansi ngati ataya singano. Mai a Mapasa analowa kuchipinda, natenga mabuku onse, nawapereka. Analibenso nawo ntchito.

Pano amayang'anira zipinda za nsanja yachiwiri. Amavala malaya oyera ndipo makiyi amalira m'chiuno. Nyansi za alendo amazionabe, tsopano zisanatsike pansi. Tayi sanabwereze, amauza makasitomala pabala kuti kosi ija inali yachinyengo. Kunyumba amabwerabe nthawi ya chakudya, ndipo Mai a Mapasa anam'patulira mbale yakeyake imene amaitsuka payokha ndi madzi otentha.