Mpukutu wa Waya wa Alamu Anga

Mundikhululukire polimba mtima kulemba. Sindinalembepo nkhani, ndipo manambala ali munowa ndawabwereza mpaka maso kuwawa.

Alamu anga, amuna awo a achemwali anga, ndi amisiri a zamagetsi. Anzawo amawatchula Aphewa, chifukwa chiyambireni ntchito sanapemphepo munthu kuwanyamulira kanthu. Makwerero paphewa, waya paphewa. Chaka chino anawachita opaleshoni ya pamimba, ndipo adokotala anawalamula kuti asanyamule chopitirira makilogalamu khumi, kuopera kuti bala lingatseguke.

Loweruka lina m'mawa ndinawapeza m'kachipinda kawo ka zida, pakati pa masoketi akale ndi zitini za misomali, akukangana ndi achemwali. Pansi panali mpukutu watsopano wa waya wofiira, woti apite nawo kuntchito.

"Bwera, mlamu, utiweruze," anatero alamu. "Waya uyu ndi mamita 100. Kunenepa kwa kopa wam'kati mwake, ukamudula n'kuyang'ana podulapo, ndi masikweya milimita 10. Werengera kulemera kwake."

Ndinatulutsa foni. Mamita 100 ndi masentimita 10,000. Masikweya milimita 10 ndi 0.1 ya sikweya sentimita. Kuchulukitsa ziwirizi, kopayo ndi makiyubiki sentimita 1,000, ndipo iliyonse imalemera magalamu 8.96. Zonse pamodzi magalamu 8,960.

"Pafupifupi makilo naini," ndinatero.

"Wamva, mayi? Pa makilo khumi a adokotala aja pakutsalanso kilo yathunthu."

Achemwali anatuluka. Anakatenga sikelo ya kubafa, n'kugubuduzirapo mpukutuwo. Muvi wa sikelo unadutsa pa makilo 11.

"Sikelo imeneyo ndi yabodza," anatero alamu. "Si yomwe umaitukwana m'mawa uliwonse?"

"Imanama pa ine, bambo, osati pa waya wanu."

Mutu wanga unaima. Ndinayambiranso. Naini. Ndinakayikira ziro wina, ndinakayikira 8.96, ndinakwera pasikelo ndekha, koma inanena zoona. Makilo awiriwo akuchokera kuti?

Achemwali anakanda wayayo ndi chikhadabo. "Nanga chofiirachi n'chiyani?"

"Pulasitiki chabe, chovala cha waya," anatero alamu. "Ife sitiwerengera zimenezo. Nambala ya pawaya imanena za kopa basi."

"Ndiye pulasitikiyo atsala kuno, kopa apite yekha?"

Apa m'pamene ndinamvetsa, ngakhale pang'onopang'ono. Masamu sanalakwe, sikelonso sinalakwe. Ine ndinawerengera kopa, sikelo inayeza zonse, ndipo bala silisankha.

Ndili mkati molongosola zimenezi, alamu anali atawerama kale, dzanja lili pampukutu. Achemwali anangoukhalira, n'kupinda manja.

"Nyamulani tonse awiri, Aphewa."

Alamu anaima choncho atawerama, akuyang'ana akazi awo, kenako ine. Mpaka lero sindikudziwa ngati anaiwaladi za pulasitikiyo kapena ankafuna mboni yokhala ndi foni.

"Mlamu," anatero motsitsa mawu, "phewa lako lili ndi ntchito lero?"

Ndinausenza mpaka pamsewu, ukundidya phewa. Ndatsimikiza kuti mpaka bala lipole, akandiitana kuti ndiwerengere katundu, foni izikhala m'thumba. Ndizingofika n'kunyamula.