Funso la Amayi Linadutsa Pakamwa Pawiri

Chaka chimene amayi anabwera kuchokera ku Dedza kudzakhala nane ku Chibavi mu Mzuzu, mimba yawo inayamba kutupa. Ndinapita nawo kuchipatala cha mishoni, komwe tinapeza dokotala wachilendo wodziwa Chifalansa chokha. Mu Mzuzu monse sindinamvepo za munthu wotha kuchotsa mawu m'Chifalansa n'kuwaika m'Chichewa. Choncho sisitere wina wa ku Canada ankamasulira za dokotalayo m'Chingerezi, ine n'kuzipereka kwa amayi m'Chichewa.

Mpando unandikana. Ndinkangoimirira n'kukhalanso, uku chitenje chikumasukamasuka.

Amayi anafunsa ngati adzalimenso chaka chimenecho. Ndinauza sisitere, sisitere anauza dokotala. Dokotala analankhula nthawi yaitali, akujambula ndi chala pachikhatho chake. Sisitere anandipatsa chiganizo chimodzi: matendawa ndi aakulu, koma ayesetsa. Ine, poti ndinaleredwa kuti kholo sulithyola mtima, ndinati, “Akuti ayesetsa, amayi.”

“Mzunguyu walankhula mpaka malovu kuuma,” anatero amayi. “Mawu enawo mwawasiya kuti?”

Ndinapsa mtima, koma ndikanakalipira ndani? Zimene sisitere anasiya sindikanazidziwa, ndipo iwonso sakanadziwa zimene ndinasiya ine. Ndinapempha sisitere kuti afunsenso dokotala, andiuze zonse. Asanatsegule pakamwa, amayi anagwira dzanja la dokotala, kuliika pamimba pawo, n'kumuyang'anitsitsa m'maso. Dokotala anayang'ana pansi.

“Basi, ndamva,” anatero amayi, akufunda mpango. “Mawa ukandigulire tikiti ya basi ya ku Dedza.”