Epulo wa Samusa

Mchemwali wanga amagulitsa samusa ku Kawale, ndipo oda iliyonse amailemba m'kope. Amene ankakanda ufa, kupinda ndi kukazinga anali mayi wina wa ku Mangochi, Msilamu wa ana atatu. Anagwira ntchitoyo zaka zinayi. Anachotsedwa Lachiwiri lina m'mawa, ine ndili pomwepo, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa.

Anayambitsa nkhaniyo ndi alamu anga, amuna a mchemwali wangayo, munthu amene sanapindepo samusa chibadwire. Anaona kuti mu Malichi munabwera maoda 74 koma mu Epulo 30 okha.

"Mayiwa atayirira," anatero. "Anthu athawa mchere wawo."

Ine, monga mtolankhani wa nyuzipepala, ndinawauza kuti sitiyerekeza mwezi ndi mwezi woyandikana nawo, chifukwa malonda ali ndi nyengo. Epulo timamuyerekeza ndi Epulo wa chaka chatha. Tinatsegula kope lakale: maoda 46. Chaka chino 30. Alamu anaomba m'manja.

"Mwaona? Ngakhale sukulu yanu ikuvomereza!"

Anawaitana mayiwo kuchokera kukhitchini, manja ali mbuu ndi ufa. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Bambo, Ramadani ya chaka chatha inatha liti?"

"Ine ndine wa mpingo, mayi. Za kumzikiti ndizidziwa bwanji?"

"Koma maoda a kumzikiti mumawadziwa."

Alamu anati umenewo ndi mwano, atenge zawo azipita. Mchemwali wanga anangoyang'ana pansi. Ine ndinangotseka kope lija, poti manambala anali anga.

Tsiku lomwelo ndinafufuza. Mwezi wosala kudya wa Ramadani, pamene mabanja a Chisilamu amaitanitsa samusa zomasulira kusalako madzulo, umabwerera m'mbuyo masiku pafupifupi khumi ndi limodzi chaka chilichonse. Chaka chatha unalowa mu Epulo kupitirira sabata, chikondwerero cha Idi n'kugweranso momwemo. Chaka chino unathera mu Malichi. Ma Epulo awiriwo ankafanana dzina lokha.

Ndinatenga Febuluwale, amene zaka zonse ziwiri analibe Ramadani: chaka chatha 22, chaka chino 28. Ndinaphatikiza Malichi ndi Epulo kuti Ramadani yonse ilowemo: chaka chatha 91, chaka chino 104. Malonda ankakula, ndipo ankakula m'manja mwa munthu amene tinamuthamangitsa.

Ndinakawaonetsa alamu. Anayang'ana pepalalo mwachidule.

"Ndiye mukufuna ndikagwade kwa wantchito?"

"Mukapepese basi."

"Pitani inuyo, a nyuzipepala."

Ndinapitadi Loweruka, ku Biwi kumene mayiwo ankachita lendi. Ndinawapeza akukazinga samusa pambaula pakhonde, ndowa ziwiri zitadzaza kale. Anandipatsa mpando, n'kumva zonse osasiya kutembenuza.

"Achimwene, funso langa linali limodzi lokha," anatero. "Inu ophunzira munalimva. Munaliyankha?"

Ndinavomera kuti sindinaliyankhe. Ndinawapempha kuti abwerere.

"Ayi, zikomo. Kauzeni alamu anu akande okha."