Makina a ku Limbe

Ku Kanduku, mukatsika mtunda wa kuseri kwa tchalitchi, pali nyumba ya a Deliwe, Anaphiri, mayi amene sagula ngakhale mchere asanaulawe. Anthu amawaseka, koma ine sindiwaseka kwambiri, poti ndikudziwa chimene chinawaumitsa mtima. Chaka chimene anamwalira amuna awo, munthu wina anawauza pafoni kuti ali ndi feteleza wotchipa ku Lunzu. Anakwera minibasi, kukafika n'kupeza kuti matumba otchipawo atha, ndipo otsalawo mtengo wake ndi wina. Anabwerera chimanjamanja, ndalama ya thiransipoti itapita m'madzi. Kuchokera pamenepo analumbira kuti phazi lawo silidzapondanso minibasi asanatsimikize kuti katundu alipo ndiponso kuti mtengo womaliza ndi uti.

Moyo wawo unali wa mbuzi, mtedza ndi mwana mmodzi wamkazi, Thandie. Mtsikanayu anaphunzira kusoka pakhonde la a Swaibu, telala wa pa Boma, ndipo dzanja anali nalo. Koma telala wopanda makina adya chiyani? Anzake anali atapita ku Joni, ndipo naye ananena poyera kuti mwezi ukatha anyamuka ndi a thiransipota amene amadutsitsa anthu pachipata cha Mwanza. A Deliwe anangoti "chabwino." Mawa lake anagulitsa mbuzi ziwiri mwakachetechete, napita kwa a Swaibu kukafunsa kumene angapeze makina osokera ogwiritsidwapo kale ntchito.

A Swaibu anawapatsa nambala ya a Hashimu a ku Limbe, amene amakonza ndi kugulitsa makina otere. Apa ndiye panayambira mavuto a bambo wa ku Limbeyu.

Foni ya a Deliwe inali ya mabatani, ndipo netiweki kwawoko imagwira pachulu cha m'munda wa eni ake. Anakwera pachulupo n'kuyamba kufunsa ngati wapolisi. Makinawo alipo? A Hashimu anati alipo. Ali m'shopu mwawo momwemo, kapena akuyembekeza kuti wina abweretse? Anati ali pomwepo, akuwaona ndi maso. Nanga mtengo anatchulawo ndi wa mutu wokha, kapena ndi tebulo, chopondera ndi lamba womwe? Funso limeneli linali lanzeru ndithu, chifukwa ambiri amakafika n'kuuzidwa kuti tebulo ndi lapadera. A Hashimu anayankha kuti ndi zonse pamodzi, ndipo atanenerera pang'ono anatsitsako.

"Ndiye womaliza umenewo? Ndisakafike kumeneko n'kumva kuti Kwacha yagwa."

"Womaliza, mayi. Koma mukafuna ndikusungireni, tumizani kachikole pafoni. Apo ayi, wofika ndi ndalama ndi amene atenge."

Chikole! A Deliwe anadula foni pomwepo. Si mmene amayambira akuba a pafoni? Komanso munthu wanji wotsitsa mtengo msangamsanga chonchi, ngati akugulitsa tomato wofuna kuwola? Chikole anakana kwamtuwagalu, koma makinawo anawafunabe.

Anayenda wapansi mpaka pa Boma kuti a Hashimu atumize chithunzi pafoni yaikulu ya a Swaibu. Chithunzi chinabwera, iwo n'kunena kuti chithunzi aliyense akhoza kutola pena paliponse. Anafuna vidiyo, makinawo akusoka. Vidiyo inabwera, singano ikuthamanga bwinobwino pansalu yofiira, koma nkhope ya wosokayo sinaoneke. Chifukwa chiyani akubisa nkhope? A Swaibu anatopa nawo. Anawauza kuti makina amene iwo akudyera lerowa anagula kwa bambo yemweyo, ndipo sanawaberepo ngakhale bobini ya ulusi. A Deliwe anawayang'ana cham'mbali, mumtima akuti mwina awiriwa agawana.

Ndiye anatuma mwana wa achimwene awo, Timoti, amene amagwira ntchito ya ulonda ku Blantyre, kuti akaone ndi maso ake, akagwire ndi manja. Timoti anati apeza mpata Loweruka. Loweruka linafika, iye sanapite. Sabata inatha choncho, ina n'kulowa.

Nthawi yonseyi Thandie sanauzidwe kanthu. Izi ndiye zimandikwiyitsa ndikamakumbukira. A Deliwe ankati sangalonjeze mwana chinthu chimene sanachigwire, kuopa kudzaoneka abodza zikakanika. Mtsikanayo ankangoona amayi ake akukwera pachulu m'mawa uliwonse, akunong'ona pafoni, mbuzi zachepa m'khola, ndipo akafunsa ankayankhidwa kuti za akuluakulu asalowerere. Nayenso anasiya kunena zake. Ankadyera mbale imodzi, aliyense atameza nkhani yake.

Timoti anaimba pamapeto pake. Makina alipo, anatero, akuda, olemera, tebulo lake lolimba, ndipo bamboyo ndi wachikulire waulemu. A Deliwe anaimbiranso a Hashimu kuti abwereze mtengo uja Timoti ali pomwepo monga mboni. Anabwereza mopanda kukwiya, nawonjeza kuti pabwera kale anthu awiri kudzafunsa, koma onse ndalama zinawaperewera.

Lachitatu m'mamawa a Deliwe anamangirira ndalama m'chiuno, nauza Thandie kuti akupita kukaona matenda ku Blantyre, ndipo agona kwa Timoti. Ulendo wonse anakhala chilili mumtima, akukonzeratu mawu otukwana oti akanene akakapeza zasintha. Sanawagwiritse ntchito. Makina anali pomwepo, mtengo womwewo, ndipo a Hashimu anawasokera chitenje chawo chomwe kuti aone mzere wake, nawonjezapo singano ndi kabotolo ka mafuta. Anamasula mutu, naukulunga m'katoni kuti usagundike m'njira. A Deliwe anachita manyazi pang'ono, koma chimwemwe chinaposa. Kondakitala atawalipiritsa mpando wina wa tebulolo sanakangane naye n'komwe, zimene sizinachitikepo.

Anafika kunyumba Lachinayi dzuwa litapendeka, katundu ali panjinga yamoto, iwo ali pa ina pambuyo. Anatsika akuitana Thandie mokweza kuti adzaone. Chitseko chinali chokhoma. Amene anatuluka ndi a Rozina, oyandikana nawo nyumba, kiyi ali m'manja.

A Rozina anafotokoza akuyang'ana pansi. Thiransipota anaimba dzulo masana kuti munthu wina walephera ulendo, mpando ulipo, ndipo poti ulendo wa kutha kwa mwezi uja walephereka, akausiya adikira mpaka chaka chamawa. Thandie anayesa kuimbira amayi ake, koma foni inali yozima, poti a Deliwe anaizimitsa m'tauni kuopa akuba. Analira, anatero a Rozina, koma anati pakhomo pano palibe chimene akudikira. Anadutsa pachipata m'bandakucha, ndipo pofika nthawi imeneyo anali atapitirira Zobue, ku Mozambique, kalekale.

A Deliwe anayatsa foni, nathamangira kuchulu kuja ngati mtsikana. Nambala ya Thandie sinkapezeka. Anaimba, naimbanso, mpaka wanjinga anawatsatira kudzafunsa kuti katunduyu amuike pati.

Anabwerera pang'onopang'ono. A Rozina anali atasuzumira m'katoni muja, ndipo anagwira pakamwa.

"Anaphiri, bwanji simunamuuze mwanayo?"

"Ndimafuna nditsimikize kaye," anatero a Deliwe. Anakhala pansi pafumbi, nayamba kulira.